Andiyesa katatu osandilipira, tsopano atumiza cheke chopitirira malipiro anga

*Ndimakhala ku Nchalo ndipo ndimapeza kangachepe polemba zojambulidwa pa wailesi ya m'manja n'kuzimasulira kuchoka m'Chisena ndi Chichewa kupita m'Chingerezi. Munthu wina wa kampani yakunja anandipeza pa intaneti, akuti ali ndi zojambulidwa za maola 6 za anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira, adzandilipira madola 600. Wandipatsa mayeso katatu, a mphindi 10, a 25 ndi a 40, onse ndachita ulere. Dzulo watumiza chithunzi cha cheke cha madola 2,400, akuti 1,800 ndikatumize kwa munthu wawo amene adzandigulire laputopu ndi zomvera m'makutu. Amuna anga akuti nditenge kaye ngongole ku banki mkhonde ndiyambe kutumiza. Kodi ndi ntchito yeniyeni imeneyi?*

Mayi, ku banki mkhondeko musapiteko, ndipo munthuyo musamutumizire ngakhale K500. Ntchito imeneyi kulibe. Ndamasulira kwa zaka zambiri, ndipo kalata ngati yanuyi ndaiona mobwerezabwereza, zimangosintha ndi mayina a makampani ndi kuchuluka kwa ndalama. Amuna anu musawadzudzule, chifukwa chinyengochi anachikonza kuti munthu wanzeru zake aone ngati akungothandiza bwana watsopano.

Tiyambe ndi cheke, popeza ndi pamene pali moto. Cheke si ndalama. Ndi kalata imene mwini akaunti amalembera banki yake kuti ipereke ndalama kwa uje. Mukachipereka ku banki yanu, banki yanuyo ilibe njira yodziwira pompopompo ngati kalatayo ndi yoona, ngati siginecha ndi ya mwini wake, kapena ngati m'akauntimo muli kanthu. Imayenera kukafunsa ku banki imene yalembedwa pachekepo. Pamene mabanki athu ankalandira macheke, cheke cha banki ya konkuno chinkatenga masiku angapo ogwira ntchito kuti yankho libwere. Cha banki ya ku America kapena ku Britain chimatenga masabata, ndipo chikhoza kubwezedwa ngakhale patapita nthawi yaitali, mwini akaunti weniweni akazindikira kuti wina wagwiritsa ntchito dzina lake. Chikabwezedwa, banki yanu imachotsa ndalama yonse imene inakulemberani, n'kuwonjezerapo chindapusa cha cheke chobwerera. Siifunsa kuti munatumizako kwa ndani.

Ndiye yerekezani ndi njira imene akufuna kuti inu mutumizire ndalamayo. Sanakuuzeni kuti mumulembere cheke munthu wa laputopuyo. Adzakuuzani kuti mutumize pa Airtel Money, pa Mpamba, kapena pa Western Union, ndipo ndalama yodutsa m'njira zimenezi ikangotapidwa kwa ejenti, yapita. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: chimene iwo akukupatsani chikhoza kubwezedwa, chimene inu mukupereka sichibwerera. Masiku amene banki ikudikira yankho ndi amene wakubayo amagwiriramo ntchito. N'chifukwa chake amafulumizitsa, amvekere wogulitsa laputopu akutseka Lachisanu, amvekere ntchito iyamba Lolemba ndipo mukachedwa aipereka kwa wina.

Tiwerengere limodzi, tiyerekeze kuti mtengo wa ku banki ndi K1,750 pa dola imodzi. Cheke chija ndi K4,200,000. Zotumiza kwa wa laputopu ndi K3,150,000. Zotsala kwa inu, zimene akuzitcha malipiro, ndi K1,050,000. Chekecho chikabwerera, K4,200,000 yonse imafufutika, kuphatikizapo malipiro anuwo, koma K3,150,000 ija munatumiza inali ndalama yeniyeni. Ikakhala ya ku banki mkhonde, ndiye kuti muli ndi ngongole yobereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, kwa amayi anzanu amene mumakumana nawo pa mjigo ndi ku tchalitchi. Ndipo musaganize kuti wakubayo akakamira pa K3,150,000 yonseyo. Akaona kuti simungaikwanitse adzati tumizani kaye K300,000 kuti katundu anyamuke. Kwa iye ngakhale imeneyo ndi phindu, chifukwa sanawonongepo kalikonse kupatula bandulo.

Pa nkhani yanuyi palinso chinthu china chosekesa pang'ono. Wakutumizirani chithunzi cha cheke. Ku America anthu ambiri amaika cheke m'akaunti pongochijambula ndi foni, ndipo akubawa anazolowera kunamiza anthu a kumeneko mwa njira imeneyo. Kalata imene analembera munthu wa ku Texas ndi yomweyo imene akutumizirani inu ku Nchalo, sanaisinthe n'komwe. Mutasindikiza chithunzicho n'kupita nacho ku banki, wa pakauntala adzakubwezani, ndipo mwina adzaitana mkulu wake kuti akufunseni kumene mwachitenga. Kampani yeniyeni imene imalemba omasulira m'Malawi imadziwa kuti cheke cha kunja n'chovuta kuno, imatumiza ndalama kuchoka ku banki yake kufika m'akaunti yanu, kapena kudzera pa malo a pa intaneti pamene munapezerana.

Koma musakhale phee poganiza kuti poti cheke cha kunja sichingalowe ndiye mwapulumuka. Chinyengo chomwechi chili ndi nkhope zina zimene zimagwira bwino kwathu kuno, ndipo mukamuuza kuti banki yakana chithunzicho, akhoza kutembenukira ku imodzi mwa izo.

Yoyamba inkachitika pamene mabanki athu ankalandira macheke: mnzake wa konkuno ankalowa m'banki ku Blantyre kapena ku Limbe, n'kukaika m'akaunti yanu cheke chobedwa kapena cha akaunti yopanda kanthu. Foni yanu inkalira, uthenga wochokeradi ku banki yanu ukuti mwalowa K4,200,000. Uthengawo unkakhala woona, koma ndalamayo isanafike. Mukaona bwino pa sitetimenti kapena pa foni, mupeza manambala awiri. Ina imalembedwa kuti `Available Balance`, ndiyo ndalama imene mungatape lero. Inayo, imene mabanki ena amailemba `Ledger Balance` kapena `Current Balance`, imawerengera ndi macheke amene sanatsimikizike, amene nthawi zina amaonekera pa mzere wolembedwa `Uncleared`. Ngati nambala yachiwiriyi yakwera koma yoyamba ili pomwepo, palibe chimene mwalandira. Ndipo pa cheke cha kunja, ngakhale yoyambayo itakwera, funso lokafunsa ku banki si lakuti ndalama yalowa kodi. Mufunse kuti, kodi ndalama imeneyi ingachotsedwenso m'akaunti mwanga? Wa ku banki aliyense amalimvetsa funso limeneli.

Nkhope ina mumaidziwa kale, ndi mchimwene wake wa uthenga uja wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Amakutumizirani uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba wonena kuti mwalandira ndalama, kenako amaimba foni kuti alakwitsa, atumiza zochuluka, mubwezeko zapamwamba. Uthenga woterowo umachokera pa nambala ya munthu wamba. Musawerenge uthengawo, lowani nokha m'akaunti yanu ndi nambala yanu yachinsinsi muone balansi. Chithunzi cha risiti chimene munthu wakutumizirani pa WhatsApp sichitsimikizira kanthu, mwana wa Fomu 2 akhoza kuchikonza pa foni m'mphindi zisanu.

Yachitatu ndiyo imandiopsa kwambiri, chifukwa ndalama yake imakhala yeniyeni. Imalowa m'akaunti yanu, mukhoza kuitapa, koma yachokera kwa munthu wina amene waberedwa. Mukaitumiza kwa wa laputopu, mwathandiza kuisowetsa, ndipo woberedwayo akakadandaula, dzina limene lidzaoneke pa mapepala a banki ndi lanu, ndi chiphaso chanu chaunzika chimene munalembetsera simu khadi. Dziko lathu lili ndi lamulo la Financial Crimes Act la 2017 lolimbana ndi kuzembetsa ndalama zopezeka mwachinyengo, ndipo kunena kuti sindimadziwa sikulepheretsa akaunti yanu kutsekedwa pamene akufufuza. Ndiye lamulo limene ine ndimayendera ndi lakuti ndalama ya kasitomala siidutsa m'manja mwanga popita kwa munthu wachitatu. Ngati kampani ikufunadi kukugulirani laputopu, ili ndi nambala ya wogulitsayo, ilipire yokha. Dzifunseni kuti ndi kampani yanji imene ingapatse mamiliyoni atatu munthu amene sinamuonepo nkhope, kuti akaiperekere kwa munthu amene kampaniyo imamudziwa kale.

Tsopano za mayeso aja, zimene zandipweteka mtima kuposa chekecho, chifukwa apa mwaluza kale. Mwachita mphindi 10, 25 ndi 40, zonse pamodzi mphindi 75. Aliyense amene analembapo zojambulidwa amadziwa kuti mphindi imodzi ya mawu imadya mphindi zinayi kufika zisanu ndi imodzi kuti ingolembedwa, ndipo pamene gogo akulankhula Chisena chakuya, mbuzi zikulira kumbuyo, mphepo ikuwomba pa maikolofoni, kenako n'kumasuliranso m'Chingerezi, sizingachepere mphindi zisanu ndi zitatu. Mphindi 75 kuchulukitsa ndi 8 ndi mphindi 600, maola 10 a ntchito. Pa mtengo umene iwo eni anatchula, madola 100 pa ola limodzi la mawu, mwawagwirira ntchito ya madola 125, pafupifupi K218,750, osawerengera bandulo yotsitsira mafayilo ndi ndalama yotchajitsa magetsi akazima.

Ndiye onani ichi. Ntchito yonse akuti ndi maola 6, amene ndi mphindi 360. Mukagawa 360 ndi 75 mupeza kuti anthu asanu okha, aliyense atayesedwa ngati mmene mwayesedwera inu, amaliza ntchito yonse popanda wolipidwa. Mmodzi ku Nchalo, wina ku Ngabu, wina ku Bangula, wina pa boma ku Nsanje, wina ku Ndirande, aliyense akukhulupirira kuti watsala pang'ono kulembedwa ntchito. Sindikuti ndi zimene zachitika kwa inu ndendende. Nthawi zina wakuba wa cheke amangotola zojambulidwa penapake n'kuzipereka ngati mayeso kuti muzolowerane naye, ndiponso kuti mutataya maola khumi muzimva kuwawa kuisiya ntchitoyo. Nthawi zina ndi kampani yeniyeni, yokhala ndi ofesi ndi kasitomala wake, imene yangopeza njira yogwiritsa anthu ntchito yathangata. Kwa inu zotsatira zake n'zimodzi.

Mayeso enieni alipo, ndipo sindingakuuzeni kuti muziwakana onse. Amene sanakuonenipo ali ndi chifukwa chofunira kuona dzanja lanu. Koma amazindikirika. Pa kumasulira zolembedwa, chizolowezi cha ntchito yathu ndi mawu 200 kapena 300, pafupifupi tsamba limodzi. Pa zojambulidwa, mphindi ziwiri kufika zisanu n'zokwanira kuti womva chilankhulocho adziwe ngati mumatha. Amakhala amodzi, ndipo aliyense wofunsira ntchito amapatsidwa chidutswa chomwecho, chifukwa sungayerekeze anthu pa zidutswa zosiyana. Kawirikawiri chimakhala chakale, chodulidwa pakati, chopanda ntchito kwa wina aliyense. Sichikhala ndi changu chakuti kasitomala akudikira mawa m'mawa, popeza mayeso sadikiridwa ndi kasitomala. Ndipo pamapeto pake mumauzidwa zotsatira, kuti apa munalakwitsa, apa munachita bwino.

Bwererani ku mafayilo anu atatu aja muone mayina ake. Ngati akutsatana manambala, monga `FGD_07_part2` kenako `FGD_07_part3`, kapena ngati nkhani ya fayilo yachiwiri ikupitirira pamene yoyamba inalekezera, ameneyo sanali mayeso, inali ntchito yodulidwa m'zidutswa. Onaninso zimene anakuyankhani pambuyo pa mayeso oyamba. Wokuyesani moona amatchula chinthu, mwachitsanzo kuti mawu akuti mwanankazi munawamasulira mosiyana m'malo awiri, kapena kuti simunaike nthawi pamene wolankhula wasintha. Wofuna ntchito yaulere amangoti mwachita bwino kwambiri, bwana akufuna aone kamodzinso. Funso limodzi limene limawavula ndi lakuti, kodi amene akuona ntchito yangayi ndi ndani, ndipo amamva Chisena? Omva Chisena amene angaone ntchito ya mnzawo m'Chingerezi si ambiri. Ngati kampaniyo ilibe munthu wotero, mayesowo akuchongedwa ndi ndani?

Ineyo ndinagwapo m'mbuna imeneyi ndili wamng'ono pa ntchito. Kampani ina inandipatsa masamba anayi a kabuku ka za umoyo kuti ndimasulire m'Chichewa, kenako ena asanu akuti oyamba aja anali osavuta kwambiri, kenako zii. Patapita miyezi ndinakapeza kabukuko pa benchi ya chipatala china, nditaperekeza mayi anga. Masamba anga asanu ndi anayi anali momwemo, ndi kolakwika kamodzi ka sipelo kamene ndinkakadziwa kuti n'kanga. Masamba otsatira anali m'Chichewa cha munthu wina, cholembedwa mosiyana kotheratu, pena matenda omwewo akutchulidwa ndi mayina awiri. Kuyambira tsiku limenelo ndimachita mayeso amodzi, aafupi, ndipo achiwiri ndimatchula mtengo.

Mmene ndimachitira ndi motere. Ndisanayambe mayeso ndimafunsa mtengo wa ntchito yeniyeniyo, njira yolipirira ndi tsiku lolipira, ndipo ndimafuna zilembedwe mu imelo, osati zongonena pa foni. Palibe phindu kukhoza mayeso n'kuzindikira pambuyo pake kuti malipiro ake sagula ndi mchere womwe. Akanditumizira fayilo ya mphindi 25, ndimalemba mphindi zitatu zapakati, osati zoyambirira, n'kuwauza mwaulemu kuti izi zikukwanira kuonetsa luso langa, zotsalazo ndizichita pa mtengo wakutiwakuti. Ndimatumiza ngati `PDF`, osati fayilo yoti akhoza kungokopera n'kupereka kwa kasitomala. Kampani yabwino siikhumudwa ndi zimenezi, ambiri amakulemekezani kuposa kale. Ikakhala ntchito yaikulu ya kasitomala wachilendo, ndimapempha gawo la malipiro poyamba, limodzi mwa magawo atatu kapena theka, kapena timagwirizana kuti ndipereka ola limodzi la mawu, alipire, ndipitirize. Mwanjira imeneyi chimene ndingaluze sichipitirira ola limodzi la mawu.

Mwina mukudabwa kuti anadziwa bwanji zoti akunyengereni ndi nkhani ya madzi osefukira. Chigwa chathu n'chodziwika. Kuyambira madzi a 2015, kenako namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabungwe akhala akubwera ku Chikwawa ndi Nsanje kudzacheza ndi anthu m'misasa ndi m'midzi, ndipo zojambula zawozo zimafunadi munthu womva Chisena ndi Chimang'anja. Ntchito yotereyi ilipo, ndaigwirapo, ndipo ndi chifukwa chake yabodzayo imakhulupirika. Koma amene akuchita kafukufuku weniweni amakhala ndi mizu pansi pano. Amadziwa kuti anajambula kwa mfumu yaikulu iti, ali ndi munthu wawo ku Blantyre kapena ku Lilongwe amene mungamuimbire, ndipo amasamala mawu a anthu amene anacheza nawo. Sangatumize mphindi 75 za anthu akufotokoza mmene anatayira abale awo kwa mlendo amene sanasaine n'komwe pangano losunga chinsinsi. Mufunseni munthu wanuyo kuti zojambulidwazi zinatengedwa dera liti, kwa Makhuwira, kwa Mlolo kapena kwa Ngabu, muone mmene azungulirire.

Kufufuza kampani kumatenga mphindi makumi awiri ndi bandulo yochepa, ndipo ndi bwino kuchita musanatsegule n'komwe fayilo ya mayeso. Yambani ndi adiresi ya imelo, mbali ya kumanja kwa chizindikiro cha `@`. Kampani yaikulu yolemba kuchokera pa `gmail.com` ndi chenjezo kale. Akuba ochenjera amagula dzina lofanana ndi la kampani yeniyeni, kungowonjezera kachidutswa, mwachitsanzo yeniyeni ili `dzinalakampani.com` iwo n'kulemba kuchokera pa `dzinalakampani-jobs.com`, kapena kusintha chilembo chimodzi. Dinani pa dzina la wotumiza kuti adiresi yonse ioneke, ndipo muone ngati pa `Reply-To` pali adiresi ina yosiyana. Kenako lembani dzinalo pa `lookup.icann.org`, pamene mudzaona tsiku limene linalembetsedwa. Kampani yonena kuti yakhala zaka khumi ndi zisanu koma dzina lake la pa intaneti lili ndi masabata atatu, yankho mwalipeza. Pomaliza, pezani nokha tsamba lenileni la kampaniyo, osadina kalikonse mu imelo yawo, mulembere ofesiyo kufunsa ngati munthu wakutiwakuti amagwira ntchito kumeneko. Makampani omasulira amalandira mafunso oterewa kawirikawiri chifukwa mayina awo amabedwa. Pa ProZ.com palinso `Blue Board`, pamene omasulira amalemba mmene kampani iliyonse imalipirira.

Simunanene kuti anakupezani pa malo ati. Ngati ndi pa Upwork kapena Fiverr ndipo anakupemphani msanga kuti mukapitirize kucheza pa Telegram kapena WhatsApp, chimenecho chinali chizindikiro choyamba. Malo amenewa amadula gawo la malipiro anu, n'zoona, ndipo zimawawa, koma pa ntchito ya mtengo wogwirizana amasunga ndalama ya kasitomala inu musanayambe, kuti mukamaliza isasowe. Malamulo a Upwork amaletsa kupempha ntchito yaulere komanso kulipirana kunja kwa malowo. Wokutulutsani kunja akukuchotsani pamene pali mboni.

Mtengo nawo umalankhula. Madola 100 pa ola la mawu pa chilankhulo chosowa omasulira si wosatheka, koma kasitomala weniweni amanenerera, amafunsa za ntchito zimene munagwirapo, amafuna kudziwa ngati Chisena chanu n'cha ku Nsanje kapena mumamvanso cha ku Mozambique. Amene akuvomera chilichonse, kukuyamikirani asanaone ntchito, n'kukulonjezani laputopu pamwamba, akungofuna kuti musangalale. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndiye lero muchite chiyani? Musamutumizirenso ntchito ina, ndipo musakangane naye kapena kumuuza kuti mwamutulukira, mungomupatsa mpata wokunyengererani kapena kukuopsezani. Ena amatembenuka n'kunena kuti mwaba cheke chawo, akakusumirani ku polisi ya kwawo. N'zongoopseza, chithunzi cha pepala labodza sichibedwa. Jambulani macheza onse, adiresi ya imelo, chithunzi cha chekecho, ndi nambala kapena akaunti imene anakupatsani ya wa laputopu, chifukwa nambala imeneyo ndi yokhayo imene ili ndi munthu weniweni kumbuyo kwake. Ikakhala ya Airtel kapena TNM, kauzeni kampaniyo pa nambala yothandizira makasitomala, ndipo kasiyeni lipoti ku polisi ya Nchalo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi limene limakhudza milandu ya pa intaneti. Sindikukulonjezani kuti agwidwa, makamaka akakhala kunja, koma pepala la ku polisi lidzakutetezani dzina lanu likadzatulukira pa nkhani ina.

Ndipo apa ndi pamene muyenera kukumbukira bwino zimene munamupatsa kale. Ngati munamutumizira nambala ya akaunti, pitani ku banki yanu mukawauze kuti pakhoza kulowa ndalama yokayikitsa, ndipo ikalowadi musaikhudze, musaibweze nokha kwa aliyense woimba foni, isiyeni banki iibweze kumene yachokera. Ngati munamutumizira chithunzi cha chiphaso chaunzika, CV ndi masatifiketi, dziwani kuti zimenezi nazonso zili ndi msika. Omasulira ambiri apezapo CV yawo ikuyenda m'makampani ndi dzina lawo koma imelo ya munthu wina, amene amalandira ntchito, n'kuipereka yosalongosoka, mbiri yoipa n'kugwera mwini dzina. Kutsogoloku CV muzitumiza ngati `PDF` yopanda nambala ya chiphaso kapena tsiku lobadwa, ndipo chiphasocho muzipereka pokhapokha mwatsimikiza kampaniyo ndipo pali kontirakiti. Nambala yachinsinsi ndi manambala aja amabwera pa foni potsimikizira kuti ndinu, palibe bwana amene amawafuna.

Mphindi 75 zija ndalama yake simudzaiona, pokhapokha mutapeza kuti kumbuyo kwake kuli kampani yeniyeni, ndipo pamenepo atumizireni invoisi ya madola 125 yotchula mafayilo atatuwo ndi masiku amene munawapereka. Mawu a anthu ali m'mafayilowo musawagwiritse ntchito ngati chitsanzo chanu, simukudziwa ngati eni ake analola. M'malo mwake pemphani azakhali kapena agogo anu kuti muwajambule mphindi zitatu akusimba m'Chisena za ulimi wa kudimba kapena za usodzi wa ku Elephant Marsh, muwauze chimene mukufuna kuchita nazo, mulembe bwinobwino ndi nthawi zake m'mbali, mumasulire. Wina akadzakupemphani mayeso, muzimutumizira chimenecho poyamba, ndipo akafunabe ake, akhale a mphindi zisanu.